A Madzi Adzidula Okha

Dzina la ubatizo ndi Honest Nakoma, koma mukafika pa esiteti ina ya tiyi kuseri kwa Chitakale n'kufunsa dzina limenelo, anthu adzakuyang'anani ngati mwasochera. Funsani a Madzi. Ngakhale mwana wapamsana adzakulozerani kushedi yoyezera tiyi, kumene bamboyu wakhala kalaliki wa sikelo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Anabadwira m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti pomwepo. Bambo awo anali wothyola tiyi, munthu wofatsa amene ankapemphera m'Chichewa koma akapsa mtima ankatukwana m'Chilomwe. Mwanayo anapita kusukulu mpaka folomu folo, ndipo atapatsidwa cholembera ndi mpando wa pashedi, mtundu wonse unati Mulungu wayankha. Sikelo yake ndi ija yopachika kumtanda wa denga, yokhala ndi ngowe. Wothyola amakoleka thumba lake la masamba, sikelo imanena zake, kenako kalaliki amanena zakenso.

Pamenepo ndi pamene panachokera dzina. Tiyi akanyowa ndi mvula kapena mame amalemera, ndiye kalaliki amachotsako pang'ono pa kulemerako. Zimenezo n'zachilungamo, ngakhale othyolawo amazidziwa. Koma a Honest anali ndi mphatso yoona madzi pamene anthu wamba saona. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, agalu atatulutsa malilime pansi pa mibawa, iwo ankapisa dzanja m'thumba, n'kufinya tsamba, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Awa ndi madzi, mayi."

Sankadula zambiri ayi, anali munthu wopemphera. Ankangofuna kuti zoyeza zawo zisadzasiyane ndi za kufakitale, bwana angawakalipire. Wodandaula kwambiri anali mayi Estele, wothyola tiyi wa manja achangu ndi pakamwa pachangu, amene anayamba ntchito chaka chimodzi ndi a Honest. Ndi mayi ameneyu anawapatsa dzinalo, ndipo linakakamira ngati chisoso pa chitenje.

Ntchito yokhala pampando inawakonda a Honest. Atafika zaka makumi anayi ndi zinayi anali ndi makilo 92, khosi litalowa m'mapewa, nsapato akumangiridwa ndi akazi awo, mayi Anne. Tsiku lina anagwa chizungulire pashedi, ndipo kukiliniki ya pa esiteti anakumana ndi a Kondie, namwino wochepa thupi amene sadziwa kunyengerera. A Kondie anawayeza BP, n'kuwayezanso, kenako anawafunsa ngati ana awo anamaliza sukulu. Funso limenelo linawalowa a Honest kuposa jakisoni. Anachita mantha enieni, mantha a munthu amene waona bokosi lake likupalidwa.

Anayamba ndi kuyenda, kenako kuthamanga pang'onopang'ono m'misewu ya m'munda wa tiyi, anthu akufunsana kuti kodi kalaliki akuthawa ndani. Analowa kagulu ka othamanga kamene a Kondie omwewo ankatsogolera: aphunzitsi awiri, wapolisi mmodzi, ndi ena ochepa ofuna kuchepetsa mimba. Pa zaka ziwiri anatsika kufika makilo 74. Apa tisawanyoze, ntchito anaigwira. Koma munthu wa sikelo ndi wa sikelo basi. M'mawa uliwonse, othyola asanabwere, ankavula nsapato, kugwira ngowe ija ndi manja awiri, kupinda miyendo, n'kulendewera ngati mbuzi ya pabutchala, khosi atalipotoza kuti awerenge nambala. Analumbira pamaso pa akazi awo kuti 75 sadzaiwonanso mpaka kumanda.

Ndiye kunabwera mpikisano wa hafu marathoni, makilomita 21, wokonzedwa ndi magulu a othamanga a m'boma muno, Loweruka lina la mu Julayi. Njira yake inkayambira pa Chitakale, kuzungulira m'minda ya tiyi, n'kubwerera pomwepo. Tsoka lake, kapena mwayi wake, pa kilomita ya 17 njirayo inkadutsa pakhomo penipeni pa shedi ya a Honest. Kumbuyo kwa othamanga kunkayenera kuyenda kagalimoto kotola otsalira, onse amene zaoneka kuti sakwanitsa maola atatu.

A Honest analengeza nkhaniyi pashedi kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Ndidzadutsa pano ndikuthamanga. Mudzangomva mphepo."

"Tidzakuonani muli kumbuyo kwa kagalimotoko, miyendo ili lendelende," anatero mayi Estele akukoleka thumba lawo.

"Ine? Mayi, ndikadzakwera galimoto imeneyo, mudzandivule ulemu wonse. Mudzandiitane mmene mungafunire."

"Ulemu wake uti? Chabwino, tidzakudikirani."

Chimene a Honest ankafuna chinali chimenecho basi. Mendulo analibe nayo ntchito. Ankafuna kuti anthu amene anawaseka ali chimphona chopuma mwabefu awaone akudutsa ndi miyendo yawoyawo, kamodzi kokha m'moyo.

Lamlungu la sabata ya mpikisano, a Kondie anasonkhanitsa gulu lawo pakhonde la kiliniki kuti akambe za kadyedwe. Wapolisi uja anali atamva kwinakwake kuti munthu amayenera kudzimana nsima masiku atatu kenako n'kudya ngati dzombe. A Kondie anati zimenezo n'zachikale, zimangofooketsa munthu ndi kumukwiyitsa. Mphunzitsi mmodzi anafunsa ngati ayambe Lolemba kudya mapoto awiri. A Kondie anati makilomita 21 si ulendo wa ku Joni.

"Tamverani bwino," anatero. "Lolemba mpaka Lachitatu idyani monga mwa masiku onse, koma kuthamanga chepetsani. Lachinayi ndi Lachisanu ndiye muwonjezere zakudya zopatsa mphamvu, makabohaidireti aja: mpunga, nsima yoyera, mbatata, chinangwa, buledi, nthochi, thobwa. Thupi limasandutsa zimenezi kukhala shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi. Ndiye nkhokwe yanu ya Loweruka. Inu nonse muthamanga kupitirira ola ndi theka, ndiye nkhokweyo muifuna. A Nakoma, inu makilo 74, muwerengere magalamu asanu ndi atatu pa kilo iliyonse. Akukwana pafupifupi 600 pa tsiku."

"A mpunga?"

"A kabohaidireti, osati a mpunga wophika. Musavutike, ndakulemberani m'mbale ndi m'makapu. Mugawe tsiku lonse, osati kudzaza mimba kamodzi. Ndiwo zikhale zochepa, mafuta ochepa. Lachisanu nyemba, nandolo, kalongonda ndi masamba ambiri muzisiye, zingakuvuteni m'mimba panjira. Chimene simunadyepo musachiyambe sabata ino. Loweruka phala la shuga ndi nthochi, maola awiri kapena atatu tisanayambe."

A Honest ankalemba zonse, mutu ukugwedera ngati wa m'kwaya.

"Chomaliza," anatero a Kondie, maso ali pa iwo. "Sikelo ikwera. Kilo imodzi, mwina ziwiri. Galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imagwira madzi okwana ngati magalamu atatu. Si kunenepa. Ikakwera ndiye kuti zayenda. Amenewo ndi madzi basi."

Cholembera cha a Honest chinaima. Ena onse anagwedeza mitu n'kumwazikana, koma iwo anapita kunyumba ndi kanthu kakuwayabwa m'khutu. Mawu amenewo ankawadziwa. Anali mawu awoawo, ndipo palibe munthu m'boma lonse la Mulanje amene ankadziwa bwino kuposa iwo mmene munthu amawanenera ndi nkhope yowongoka.

Masiku atatu oyamba anayenda bwino. Anathamanga pang'ono Lachiwiri, n'kupuma. Mayi Anne, amene kwa zaka ziwiri ankaphikira munthu wowerenga mitanda ya nsima ngati mapiritsi, anamata pepala la a Kondie pachitseko cha kabati ali ndi chimwemwe cha mkwatibwi. Lachinayi anagwira ntchito imene ankailakalaka. M'mawa phala la shuga ndi buledi. Cha m'ma 10 mbatata yophika ndi tiyi. Masana mpunga wodzaza mbale ndi kansomba kochepa. Madzulo chinangwa ndi thobwa, kenako nsima yoyera ndi dzira limodzi. A Honest anadya zonse momvera, ndipo kunena zoona anazimva kukoma mpaka anachita manyazi.

Lachisanu m'mawa analendewera pa ngowe. Sikelo inati 75.4.

Anatsika, anavula malaya, n'kulendeweranso. 75.2. Anaipukuta sikeloyo, anaimenya pang'ono m'mbali monga amachitira ikamakondera othyola, koma sikelo sidziwa bwana. Anaona khosi lija likubwerera, anaona akazi awo atagwada akuwamanga nsapato, anamva funso lija la ana ndi sukulu. Zaka ziwiri za thukuta, tsiku limodzi la mpunga n'kuzigwetsa!

Anaimbira foni a Kondie.

"Asisita, yakwera. Yapitirira 75."

"Zikomo kwambiri, ndiye kuti mwamvera. Ndinakuuzani, a Nakoma, awo ndi madzi."

"Madzi."

"Eya, madzi. Munthu sanenepa kilo yathunthu ndi chakudya cha tsiku limodzi. Pitirizani lero, ndipo musathamange."

A Honest anathokoza mwaulemu n'kudula foni. Kenako anaseka kachiseko kowawa. Madzi! Awauze iwo za madzi? Anamva ngakhale kamvekedwe kake: kofatsa, kachifundo, kosapereka mpata wotsutsa. Ndi mmene iwonso amanenera. Munthu akakuuza kuti awa ndi madzi, ndiye kuti pali chimene akukubisira, ndipo akufuna uchoke msanga abwere wina. Imeneyi sinali nkhani yomva kwa anthu, anali ndi umboni wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sizinawadutse m'mutu kuti dziko lili ndi anthu ena amene amati akanena kuti madzi, amakhala akunena madzi.

Ndiye katswiri wathu anayamba kukonza zimene namwino anawononga. Mbatata imene anatenga kunyumba anapatsa mlonda wa pashedi. Masana anabwerera kunyumba n'kupeza mpunga uli pathebulo.

"Ine mpunga ayi. Pali nandolo?"

"Bambo a Sungani, nandolo si uja analetsa? Pepala lili apo likuti mpunga," anatero mayi Anne.

"Pepala silinanditole pamene ndinagwa. Ndipatseni nandolo ndi nkhwani, basi."

"Nanga mawa mukathamangira chiyani?"

"Miyendo."

Mayi Anne anavundikira mpungawo mwakachetechete. Anakhala nawo m'banja zaka makumi awiri, ankadziwa kuti awa ndi aja amamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ataweruka, pa tsiku limene anauzidwa kuti agone miyendo ili m'mwamba, a Honest anabwereka chipepala cha pulasitiki chimene othyola amavala kukakhala mvula. Anadzikulunga nacho mkati mwa juzi n'kuthamanga makilomita khumi ndi awiri m'zitunda za tiyi, akuphwaphwatika ngati thumba la shuga. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Nkhokwe imene akazi awo anaidzaza dzulo lake ndi manja awiri, iwo anaipasula madzulo amodzi, ndipo anabwerera kunyumba akudzitcha munthu wodziletsa. Anamwa tiyi wopanda shuga n'kukagona.

Loweruka anadzuka m'mamawa, n'kuyamba adutsa kushedi. 73.1. Anatsika pa ngowe akumwetulira ngati wapambana kale. Phala limene mayi Anne anawaikira m'kontena analisiya pampando, poti munthu sawononga nambala yokongola chotero. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pa Chitakale panali anthu ngati mazana awiri, kukuzizira, phiri litafunda mtambo. A Kondie anawayang'ana kumaso.

"Mwadya?"

"Kwambiri."

Likhweru linalira hafu pasiti sikisi. Makilomita asanu oyamba a Honest anauluka. Thupi linali lopepuka ngati la mnyamata, ndipo anapitirira wapolisi uja, anapitirira aphunzitsi onse awiri, anapitiriranso a Kondie n'kuwakwezera dzanja mwachifundo. Pa kilomita ya 8 nandolo uja anakumbukira kuti nayenso analembetsa mpikisano, ndipo a Honest anakacheza kaye mphindi zingapo kuseri kwa mabulugamu. Atatuluka anapeza miyendo yayamba kuyankha mochedwa. Pa 11 aphunzitsi anawadutsa. Pa 13 wapolisi anawadutsa akudya nthochi. A Kondie anafika pambali pawo, n'kuwaona milomo yauma, nkhope yatuwa.

"A Nakoma, dzulo munadya chiyani?"

"Pitani, asisita, ndikupezani."

"Imwani madzi pa tebulo likubweralo, mutengenso nthochi. Mwamva?"

Madzi anamwa, pang'ono. Nthochi anaiyang'ana, n'kukumbukira 73.1, n'kuisiya.

Chimene chinawapeza pa kilomita ya 15 sichinali kutopa kumene ankakudziwa. Mpweya unalipo, mtima unalipo, koma miyendo inangokhala ngati ya munthu wina amene sanamuuze za ulendowu. Ankaiuza kuti nyamuka, iyo n'kumakhwekhwereza. Thukuta lozizira linawatuluka, mizere ya tiyi inayamba kuyendayenda. Anayesa kuwerenga makilomita otsala, munthu wa masamu a sikelo, koma 21 kuchotsa 15 inawakanika. Anayamba kuyenda. Agogo ena ovala nsapato zasukulu anawadutsa n'kuwalimbikitsa kuti, "Tiyeni, achimwene." Zinawapweteka kuposa miyendo.

Shedi inaonekera patali, ndipo anthu analipo. Inali nthawi yoyeza masamba a m'mawa, kalaliki wogwirizira ali pampando wawo, othyola atafola ndi matumba. Atawazindikira anayamba nthungululu. A Honest anasonkhanitsa kalikonse kamene kanatsala m'thupi kuti angodutsa pakhomopo akuthamanga, mamita makumi asanu okha, zinazo zikaoneka kutsogolo. Anathamanga masitepe asanu ndi limodzi. Pa sitepe lachisanu ndi chiwiri bondo linapinda lokha, ndipo anapezeka atakhala pansi pa simenti, msana atatsamira mzati, ngowe ya sikelo ikulendewera pamwamba pa mutu wawo.

Nthungululu zinazima. Anthu amene anabwera kudzaseka anapeza kuti palibe choseketsa, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa pang'ono. Mayi Estele anatula thumba, n'kumasula botolo la thobwa limene anamangirira m'chitenje.

"Imwani."

"Muli shuga?"

"Inu a Madzi, mufera pano ndi mafunso. Imwani!"

Anamwa botolo lonse osapuma. Wina anawapatsa mbatata yootcha, n'kudya ndi makoko omwe. Patapita mphindi khumi ndi zisanu minda inaleka kuzungulira, koma ataimirira miyendo inagwidwa ndi kukokana, n'kukhalanso. Mlonda uja, munthu wopanda chinsinsi, anali atafotokozera kale gulu lonse za mbatata ya dzulo, za chipepala cha pulasitiki, ndi za kulendewera kwa m'mawa uliwonse.

"Ndiye mwati sikelo inakwera?" anafunsa mayi Estele.

"Kilo imodzi ndi kanthu," anayankha a Honest motsitsa mawu.

"Asisita anati chiyani?"

A Honest anayang'ana pansi. Panalibe njira ina yowanenera mawuwo.

"Anati ndi madzi."

"Inu osakhulupirira?"

"Ayi."

Mayi Estele anawomba m'manja kamodzi, osaseka n'komwe.

"Ayi, pamenepo sindikukudzudzulani. Ifenso sitikhulupirira. Koma ndinu munthu wachilungamo ndithu, a Honest. Zaka zonsezi mumadula ife, lero mwadzidula nokha."

Kagalimoto kotola otsalira kanafika kakuyenda pang'onopang'ono ngati ka maliro. Kumbuyo kunali anthu atatu, aliyense akuyang'ana mbali yake. Amuna awiri othyola tiyi anawanyamula a Honest m'khwapa n'kuwakweza, ndipo mmodzi anati sakulemera n'komwe, zimene tsiku lina zikanawasangalatsa. Galimoto inanyamuka, miyendo yawo ili lendelende, ndendende mmene zinaloseredwa. Palibe anakuwiza. A Honest akanakonda anthuwo akanawakuwiza.

Pa Chitakale anapeza gulu lonse litamaliza, ngakhale wapolisi. A Kondie anawayeza BP, anawapatsa madzi a mchere ndi shuga, ndipo atamva nkhani yonse sanakalipe. Anangoti madzi amene anakawafinya m'pulasitiki aja anali atagwirana ndi chakudya cha makilomita asanu ndi limodzi omalizawo, ndipo kilo imeneyo ikanatha yokha panjira. Mayi Anne anali pomwepo ndi kontena ya phala lija, limene mlonda anawatumizira. Anangowapatsa supuni, a Honest n'kudya phala lozizira pamaso pa anthu.

Lolemba kunagwa chiperoni. Kamvula kosalekeza kanakuta minda kuyambira m'bandakucha, ndipo othyola anafika pashedi atanyowa mpaka m'mafupa, mapulasitiki akudontha. A Honest anali pampando wawo, atatsika masitepe a kunyumba chammbuyo chifukwa cha ntchafu. Tsiku limenelo sanalendewere pa ngowe.

Woyamba pamzere anali mayi Estele. Anakoleka thumba lawo, ndipo madzi ankachita kuyenderera pansi pake n'kupanga kadziwe pa simenti. A Honest anapisa dzanja, anafinya tsamba, madzi n'kutsika m'chigongono. Lamulo linali lomveka, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi ingapo linali kumbali yawo. Anatsegula pakamwa, koma mawu aja anakana kutuluka. Anayesanso. Mzere wonse unkadikira, mvula ikugunda pa malata.

"Nenani, a kalaliki," anatero mayi Estele mofatsa. "Lero lokha ndi zoona."